Lipoti la wodwala: chifuwa cha miyezi inayi mwa mtsikana wogwira ntchito ku Mangalande

Wodwalayu ndi mtsikana wa zaka 26, wochokera ku Malawi, amene anabwera kuno mu Malichi 2023 pa viza ya anthu osamalira okalamba. Ntchito yake ndi yoyenda khomo ndi khomo: kusambitsa agogo, kuwaveka, kuwamwetsa mankhwala, kenako kukwera basi kupita kwa ena. Anafika pa kiliniki yathu ya TB, mumzinda wina wa kumpoto kwa England, mu Febuluwale 2025 atatsokomola masabata 17. Ine ndine namwino amene ndinamutsatira kuchokera tsiku lomwe anayamba mankhwala mpaka anamaliza. Dzina lake ndi mudzi wa kwawo sindizitchula, ndipo mwiniwake anavomera kuti ndilembe.

Mmene zinayambira

Chifuwa chinayamba mu Okutobala 2024, nyengo imene aliyense kuno amakhala ndi chimfine. Chinali chouma, cha kukhosi, ndipo anangoti ndi kuzizira. Anagula mankhwala amadzi a chifuwa mu shopu, botolo litatha anagula lina. Mayi ake pa foni anamuuza za mandimu, jinja ndi uchi, komanso kuti azifukiza nthunzi usiku. Zonsezi anachita mokhulupirika.

Pofika Disembala chifuwa chinatsikira m'kati. Anayamba kulavula makhololo achikasu, makamaka m'mawa. Usiku ankadzuka malaya atanyowa ndi thukuta mpaka kusintha, koma m'nyumba za kuno hita imayaka usiku wonse, ndiye mlandu unapita kwa hitayo. Nsima ankangoigwira pang'ono n'kuisiya. Yunifolomu itayamba kukula anati ndi kuyenda, poti pa tsiku ankalowa nyumba 8 kapena 10. Chizindikiro chilichonse chinali ndi chifukwa chake chomveka, ndipo palibe amene anaziika pamodzi.

Mnzake wina wobwera kuchokera kumudzi anamupatsa makapisozi a amokisilini. Anamwa masiku asanu, anamvako bwino pang'ono, chifuwa chinabwerera. Izi timaziona kawirikawiri. Amokisilini sachita kanthu pa kachirombo ka TB, koma amatha kupha tizirombo tina tomwe tangolowerera pa mapapo odwala kale, munthu n'kumva ngati akuchira. Kupepukidwa kumeneko kunamudyera masabata ena atatu.

Chifukwa chake sanapite msanga

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa mankhwala amene tinamupatsa ndi omwewo amene aliyense amalandira, koma masabata 17 aja ali ndi nkhani yake. Ndinamufunsa tili awiri, m'Chichewa, ndipo anayankha mosabisa.

Choyamba chimene anatulutsa m'chikwama chinali pepala. Aliyense wochokera ku Malawi amene akufuna kukhala ku Britain kupitirira miyezi 6 amayenera kujambulidwa pachifuwa ku chipatala chovomerezeka asanapatsidwe viza, ndipo amalandira satifiketi yosonyeza kuti alibe TB. Iye anali nayo, yosungidwa bwino m'pulasitiki pamodzi ndi pasipoti.

"Anesi, ine anandiyeza ndisananyamuke. Anati ndilibe. Ndiye TB ndikanaitenga kuti kuno?"

Funsoli ndi lanzeru, ndipo yankho lake ndi limene anthu ambiri sauzidwa. Chithunzi cha pa viza chimafufuza TB imene yayamba kale kudya mapapo tsiku limenelo. Sichiona TB yogona, pamene tizirombo tili m'thupi koma chitetezo chatitsekera, munthu sakudwala ndipo sangapatsire wina. N'chifukwa chake satifiketiyo imagwira ntchito miyezi 6 yokha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limati pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse anatengapo tizirombo ta TB, ndipo mwa amenewa, 5 mpaka 10 mwa 100 alionse amadzadwala nthawi ina m'moyo wawo. Ambiri mwa ife amene tinakulira m'maminibasi odzadza ndi m'makalasi a ana 100 tinapumapo mpweya umenewu. Mtsikanayu anakumbukira kuti ali ku sekondale amalume ake ankakhala nawo nyumba imodzi akumwa mankhwala a TB. Kuthekera kwakukulu n'kwakuti anabwera nayo ili gone, n'kudzuka kuno pamene thupi linatopa ndi mashifiti a maola 12, kudya mothamanga komanso kusowa dzuwa. Ku England, pafupifupi anthu 8 mwa 10 amene amapezeka ndi TB anabadwira kunja, ndipo ambiri a iwo sanaitenge kuno.

M'madera ena a England muli ndondomeko yoyeza magazi a anthu a zaka 16 mpaka 35 amene angobwera kuchokera kumayiko ngati kwathu, kuti TB yogona ipezeke n'kuthetsedwa isanadzuke. Koma khomo lolowera ndi kulembetsa kwa dokotala wa m'dera, amene kuno timangoti GP. Iye anatha chaka ndi miyezi asanalembetse. Nyumba imene ankakhala inali m'dzina la munthu wina, analibe kalata ya magetsi kapena ya banki yosonyeza adiresi, ndipo wina anamuuza kuti popanda zimenezo samulandira. Sizoona. Ku England kulembetsa kwa GP ndi kwaulere ndipo lamulo silifuna umboni wa adiresi, chiphaso kapena viza, ngakhale kuti ena a pa kauntala amazifunsabe.

Chachiwiri chinali ntchito. Viza yake ndi yomangidwa kwa kampani imene inamuitana. Akapanda kugwira shifiti salandira ndalama ya shifitiyo, pamene lendi ikudikira ndipo kumudzi mng'ono wake akudikira fizi. Pagulu la pa foni la Amalawi a m'deralo anali atamva kuti munthu akapezeka ndi TB achipatala amauza a zolowa ndi kutuluka, viza n'kufa. Nkhani imeneyi imayenda kwambiri ndipo ndi yabodza. Kuyezetsa ndi kulandira mankhwala a TB kuno ndi kwaulere kwa aliyense, kaya ali ndi mapepala kaya alibe, ndipo kudwala TB si chifukwa cholandira munthu viza. Timadziwitsadi a boma za wodwala aliyense wa TB pasanathe masiku atatu ogwira ntchito, koma amene timawadziwitsa ndi a zaumoyo, kuti atithandize kupeza anthu amene wodwalayo anakhala nawo pafupi.

Chachitatu anachinena motsitsa mawu. "Kwathu munthu akangoti TB, anthu amadziwa kale kuti ndi kachirombo kaja. Ndimaopa kuti akandiyeza apeza zonse ziwiri." Mantha amenewa ali ndi gwero lake, pakuti ku Malawi odwala TB ambiri amakhalanso ndi HIV. Koma TB imagwira ndi amene alibe HIV omwe, ndipo amene ali ndi HIV ndi amene kuzengereza kumawapha msanga.

Foni ya mu Januwale

Sikuti sanayeseko. Kumayambiriro kwa Januwale analembetsa kwa GP ndipo anapatsidwa nthawi yoyankhula pa foni. Foniyo inalira ali pa siteji ya basi, mphepo ikuwomba. Anati ali ndi chifuwa ndi makhololo. Atafunsidwa kuti chayamba liti, anati "masabata angapo". Za thukuta sananene, za kuwonda sananene, poganiza kuti sizikukhudzana ndi chifuwa. Wachipatalayo naye sanafunse kuti anabadwira kuti, ndipo sanamuitane kuti adzamukweze pa sikelo. Anamulembera mankhwala opha tizirombo a masiku asanu, n'kumuuza kuti abwerenso zikapanda kusintha.

Maganizo anga ndi akuti apa cholakwa chinali mbali zonse, koma cholemera chili kwa ife achipatala. Dokotala amene anaphunzira ndi kugwira ntchito kuno akhoza kutha zaka asanaone TB, ndiye mu Januwale akamva chifuwa amaganiza za chimfine. Kwathu kalaliki wa pa chipatala chaching'ono amadziwa kuti chifuwa cha masabata awiri chimafuna kabotolo ka makhololo. Kuno malire ake amati masabata atatu. Mtsikanayu anali pa sabata la 12. Ndimauza anthu athu kuti pa foni yotere atchule zinthu zinayi popanda kudikira kufunsidwa: tsiku limene chifuwa chinayamba, makilogalamu amene ataya, thukuta la usiku, ndi dziko limene anakulira. Kenako anene okha kuti akupempha kujambulidwa pachifuwa ndi kuyezedwa makhololo. Si mwano.

Tsiku lomwe anagonja

Pakati pa Febuluwale, akutsuka mano m'mawa, anatsokomola n'kuona magazi mu sinki, ochuluka ngati masipuni awiri aang'ono, ofiira osakanikirana ndi makhololo. Anatsegula mpopi kuti apite, anavala yunifolomu, ndipo akanapita ku ntchito mnzake wogona naye chipinda chimodzi akanapanda kuona madontho pa thaulo. Iyeyo ndi amene anamukokera ku chipatala cha odwala mwadzidzidzi.

Kumeneko anapeza thupi likutentha madigiri 38.2, mtima ukugunda ka 108 pa mphindi, mpweya m'magazi uli bwinobe. Sikelo inati makilogalamu 49. Pobwera kuno anali 58. Magazi anali ochepa pang'ono, monga zimakhalira ndi matenda okhalitsa. Chithunzi cha pachifuwa chinasonyeza mtambo kumtunda kwa phapo la kumanja, pakati pake pali bowo lozungulira, komanso timadontho kuphapo la kumanzere. Bowo lotere limabwera pamene TB yafewetsa mnofu wa phapo, munthu n'kuutsokomola, pamalopo n'kutsala mphako. M'kati mwa mphakoyo tizirombo timaswana mwaunyinji, ndipo mpweya ulionse wotuluka potsokomola umatinyamula. Si chinthu chopangika sabata imodzi.

Anamuika m'chipinda chayekha n'kumutenga makhololo katatu, kamodzi m'mamawa asanadye. Makhololo enieni ndi ochokera pansi pa chifuwa. Malovu sathandiza, ndipo ndi amene amachititsa kuti zotsatira zibwere zopanda kanthu mwa munthu wodwala. Pa maikulosikopu tizirombo tinaoneka tochuluka. Makina ofufuza chibadwa cha kachirombo anatsimikiza tsiku lotsatira kuti ndi TB ndipo siyolimbana ndi rifampisini, amodzi mwa mankhwala anayi a TB. Makhololo ena anatumizidwa kuti akameretse tizirombo, ntchito imene imatha kutenga mpaka masabata 6, ndipo pambuyo pake zinasonyeza kuti mankhwala onse anayi akugwira. HIV analibe. Shuga analinso bwino. Nditamuuza za HIV analira kuposa mmene analirira za TB.

Mankhwala

Anayamba rifampisini, isoniazidi, pirazinamaidi ndi ethambutolo, onse anayi osakanizidwa m'piritsi limodzi. Pa kulemera kwake ankamwa mapiritsi atatu kamodzi pa tsiku, m'mimba muli mopanda kanthu, n'kudikira theka la ola asanadye. Tinawonjezera vitamini B6 woteteza ku dzanzi la kumapazi limene isoniazidi amabweretsa. Asanayambe tinayeza chiwindi, impso ndi maso, poti ethambutolo nthawi zina amawononga mtsempha wa diso, ndipo chizindikiro choyamba ndi kusawona bwino kapena kusokoneza chofiira ndi chobiriwira. Ndinamuchenjeza kuti mkodzo, thukuta ndi misozi zisanduka zofiirira chifukwa cha rifampisini, asadabwe. Koma nseru yosatha, kusanza, kapena maso achikasu, ndinati asamwe piritsi lina, aimbe foni nthawi yomweyo, chifukwa atatu mwa mankhwala anayiwa amatha kupweteka chiwindi. Mowa ayi, ndipo mankhwala azitsamba otumizidwa kuchokera kumudzi adikire kaye.

Pali chinthu chimene chimaiwalika kawirikawiri kwa atsikana. Ndinaona kachipsera pamkono pake n'kufunsa. Anali ndi kolera ka pamkono kamene anaikitsa asananyamuke. Rifampisini amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mahomoni, moti kachipangizo ka pamkono ndi mapiritsi olera zimasiya kudalirika nthawi yonse ya mankhwala ndi masiku 28 atamaliza. Jakisoni wa miyezi itatu ndi lupu sizisokonezeka. Iye anasankha jakisoni.

Anthu ambiri amasiya kupatsira ena akamwa mankhwala masabata awiri. Kwa iye madokotala sanalole kuti abwerere ku ntchito pa tsiku la 14, chifukwa makhololo anali akuonetsabe tizirombo ndipo anthu amene amawagwira ndi okalamba ofooka. Anadikira mpaka makhololo atatuluka oyera pa maikulosikopu katatu motsatizana, ndipo izi zinachitika sabata la 6. Masabata amenewo anali owawa pa ndalama. Anapatsidwa kalata ya dokotala yopereka ku ntchito, ndipo kandalama ka odwala kamene analandira sikanakwane lendi. A mpingo wake anasonkha. Ntchito sanachotsedwe, viza sinakhudzidwe.

Mwezi wachitatu ndi umene ndimauopa kwa wodwala aliyense. Chifuwa chinali chitatha, analemera makilogalamu 53, mashifiti a m'mamawa anayambiranso. Nditawerenga mapiritsi otsala m'paketi ndinapeza asanu owonjezera masiku ake. Sindinamukalipire.

"Achemwali, mapiritsiwa akundiuza kuti pali masiku amene anakudutsani. Chikuvuta n'chiyani?"

"Ndimanyamuka 6 koloko, anesi. Ndikamwa osadya ndimachita chizungulire m'basi. Ndiye ndimati ndimwa madzulo, madzulowo ndimangofikira kugona."

Tinasintha nthawi, azimwa asanagone patapita maola awiri atadya, ndipo anavomera kuti azidzijambula kanema waufupi akumeza n'kutumiza ku kiliniki tsiku lililonse. Kuyambira pamenepo sanaphonyenso. Kudumphadumpha mankhwala ndi kumene kumabala TB yosamva mankhwala, imene chithandizo chake ndi chovuta kwambiri.

Mwachizolowezi TB ya m'mapapo imachizidwa miyezi 6: iwiri ya mankhwala anayi, inayi ya rifampisini ndi isoniazidi okha. Koma makhololo amene tinatenga pakutha pa mwezi wachiwiri anameretsabe tizirombo. Munthu amene ali ndi bowo m'phapo, n'kukhalanso ndi tizirombo tamoyo pa miyezi iwiri, ali pa chiopsezo chachikulu choti matenda adzabwereranso akalekera pa miyezi 6. Dokotala wamkulu anatalikitsa gawo lachiwiri kufika miyezi 7, zonse pamodzi miyezi 9. Ndikaona chithunzi chake ndimakhulupirira kuti akanabwera mu Novembala, bowo lisanapangike, miyezi itatu yowonjezerayo sikanafunika.

Amene anakhala naye pafupi

M'nyumbamo ankakhala anthu 6, mawindo otseka chifukwa cha chisanu, khitchini imodzi. Panalinso mwana wa zaka zitatu wa mnzake wa ku tchalitchi, amene ankamulera Loweruka lililonse. Mwanayo ndi amene tinayamba naye, chifukwa mwa ana aang'ono TB imathamanga ndipo imatha kufika ku ubongo. Chithunzi chake chinali choyera koma mayeso anasonyeza kuti watenga tizirombo, ndipo madokotala a ana anamuyambitsa mankhwala oteteza a miyezi itatu. Kuuza mayi wa mwanayo kunali kovuta. Anakhala miyezi osayankhulana ndi wodwala wathu.

Akuluakulu asanu aja tinawafunsa zizindikiro n'kuwayeza magazi, ndipo amene anatuluka opanda kanthu tinawabwereza patapita masabata angapo, popeza thupi limatenga mpaka miyezi iwiri kuti lisonyeze kuti lakumana ndi kachiromboka. Atatu anapezeka ndi TB yogona. Sitinganene kuti onse anaitenga kwa iye, chifukwa nawonso anakulira m'mayiko a TB yambiri. Ndinawafotokozera kuti mbale, makapu ndi zofunda sizifalitsa TB, ndi mpweya basi, chifukwa ndinapeza atamupatulira kapu ndi supuni yake, pamene mawindo anali chitsekere. Kwa okalamba amene ankawasamalira, a zaumoyo wa anthu anasankha okhawo amene ankakhala nawo nthawi yaitali, n'kuwalembera makalata osatchula dzina lake. Palibe amene anapezeka akudwala panthawiyo.

Zotsatira

Anamaliza mankhwala mu Novembala 2025 akulemera makilogalamu 57. Makhololo a kuyambira mwezi wachitatu sanameretsenso kanthu. Manambala a mayeso a chiwindi anakwera pang'ono m'mwezi woyamba n'kutsika okha, osafika poimitsa mankhwala. Chithunzi chomaliza chinasonyeza kuti bowo latsekeka koma lasiya chipsera chimene chakoka nsonga ya phapo la kumanja. Amapumabe mofulumira akakwera masitepe atanyamula katundu, ndipo chimfine chikamugwira chimachedwa kutha. Tinamupatsa kalata yofotokoza chipseracho kuti aziisunga, chifukwa chidzaoneka pa chithunzi chilichonse chimene adzajambulitse, ndipo tinamuuza kuti kudwalapo TB sikuteteza munthu kuidwalanso. Poona bowo lija ndi kuchedwa kwa makhololo kuyera, dokotala anakonza zoti azimuonabe kwa chaka.

Mwana uja anamaliza mankhwala ake bwinobwino. Mwa atatu a TB yogona, awiri anamaliza miyezi itatu ya rifampisini ndi isoniazidi. Wachitatu, mnyamata wogwira ntchito usiku m'nyumba yosungira katundu, analekera pa sabata lachinayi, akuti sangamamwe mankhwala asakudwala. Anasamukira mumzinda wina, ndipo tinatumiza kalata ku kiliniki ya TB ya kumeneko kuti amufunefune.